Kalata kwa ophunzira a chaka choyamba: chifukwa chake mitengo ili patsogolo

Okondedwa ophunzira,

Ena mwa inu mwafunsa kuti bwanji m'phunziro lathu la kasanjidwe ka deta tikutha masabata anayi pa mitengo yosungira deta, pomwe hashi tebulo, imene mwamva kuti imapeza chinthu msangamsanga, taiika sabata ya 10. Ndikuyankheni bwinobwino.

Mtengo umaoneka ndi maso. Lowetsani 50, 30, 70, 20, 40 mumtengo wofufuzira wa nthambi ziwiri: nambala yaing'ono kumanzere, yaikulu kumanja. Pofuna 40 muyang'ana 50, kenako 30, kenako 40, katatu basi. Mtengo ukakhala wolingana mbali zonse, zinthu 1,000,000 zimangofuna kuyerekeza pafupifupi ka 20, chifukwa sitepe iliyonse imataya theka la zotsala. Tanthauzo la `O(log n)` ndi limeneli, ndipo mutha kuliwerenga nokha papepala.

Tsono lowetsani 10, 20, 30, 40, 50 motsatana. Nodi iliyonse, kutanthauza malo a nambala imodzi mumtengo, ikupita kumanja, mtengo wasanduka chingwe, kufufuza kwafika pa `O(n)`. Vuto limeneli ndi lomwe mitengo ya AVL, ya Adelson-Velsky ndi Landis mu 1962, inadzathetsa potembenuza nodi mbali imodzi ikatalika. Ndikufuna mulione msanga, chifukwa hashi tebulo imadwala nthenda yomweyi, koma mobisika. Ikani manambala omwewa m'tebulo la malo 10 ndi `k % 10`: onse agwera pa malo 0. Pulogalamu siidandaula, mayankho ndi olondola, koma liwiro lapita. Wophunzira amene anangoloweza `O(1)` sadziwa poyambira, pakuti sanamve kuti liwirolo ndi la pa avereji, ndipo limadalira hashi yomwaza bwino komanso tebulo losadzaza kwambiri.

Ngakhale `HashMap` ya Java imatsamira pa mtengo. Kuyambira Java 8, zinthu zikaposa 8 pa malo amodzi m'tebulo la malo osachepera 64, mndandandawo umasandutsidwa mtengo wa nodi zofiira ndi zakuda. Simungaimvetse kodi imeneyo musanadziwe mitengo.

Palinso mafunso amene hashi tebulo siyankha popanda kusanthula zonse, monga onse amene anapeza malikisi a pakati pa 50 ndi 64, kapena mayina motsatira alifabeti. Hashi imamwaza dongosolo mwadala, mtengo umalisunga. N'chifukwa chake `CREATE INDEX` mu PostgreSQL imapanga B-tree mukapanda kutchula mtundu wina.

Komanso pa mitengo ndi pomwe mapoyinta ndi fankishoni yodziitana yokha zimakhazikika m'manja. Ambiri mudzaiwala kuona ngati nodi ili `NULL` musanaitsegule, pulogalamu n'kugwa. Kuchotsa nodi ya ana awiri kudzakuvutaninso: m'malo mwake mumaika nambala yaing'ono kwambiri ya mbali ya kumanja.

Ku labu Lachinayi mubwere mutajambula mitengo iwiri ija papepala, mutalembanso kutalika kwa uliwonse.

Ine mphunzitsi wanu wa kasanjidwe ka deta