Bweretsani Mnzanu, Mulandire Mphatso

Moni makasitomala athu nonse a ku Nchalo, Ngabu, Bangula mpaka ku Nsanje. Dzuwa lakuno ku chigwa mukulidziwa, limawotcha mpaka nsapato. Ndiye m'malo molidandaula, tiyeni tilidyerere!

Ngati munagula kale nyale kapena panelo ya sola pa shopu yathu ya pa msika wa Nchalo, tili ndi kanthu kokuthokozani. Mukabweretsa mnzanu, m'bale wanu kapena neba n'kugula nyale ya sola, inuyo tikupatsani mayunitsi a K2,000 pompopompo. Akagula panelo ndi batire, mphatso yanu ndi K5,000, ndipo mudzasankha nokha, ndalama kapena tikuchotsereni pa ngongole yanu ya pamwezi. Mnzanuyonso sabwerera chimanjamanja, timuchotsera K1,500 pa mtengo.

Palibe fomu yodzaza. Mnzanuyo angotchula dzina lanu ndi nambala imene ili pa lisiti lanu, basi. Simukufunikanso kukwera kabaza kubwera naye limodzi, mphatsoyo tingakutumizireni pa Airtel Money kapena Mpamba. Koma akhale woti sanagulepo kwa ife, ndipo mphatso imatuluka akalipira, osati akangofunsa mtengo (tikudziwa ena mwayamba kale kuwerenga azilamu anu onse).

Mayi wina wa ku Bangula anatibweretsera anzake atatu a ku banki m'khonde sabata yatha, pano ana awo akuwerenga usiku popanda utsi wa koloboyi. Mwayiwu utha pa 30 Novembala. Tipezeni Lolemba mpaka Loweruka, 7 koloko m'mawa mpaka 5 madzulo. Zikomo kwambiri potikhulupirira.