Kwa ophunzira a chaka chachitatu: werengani izi musanatsegule mafayilo a mawa

Zotsatira za zitsanzo 24 zimene tinaika m'makina owerenga DNA Lachiwiri zatuluka. Aliyense alandira mafayilo atatu a .ab1, koma chonde musathamangire kukopera zilembo zimene kompyuta yalemba pamwamba. Yambani mwayang'ana nsonga.

Mukukumbukira zimene tinathira m'kachubu muja: DNA, puraima imodzi, polimerezi, manyukiliyotaidi wamba ochuluka ndi a daidiyokisi ochepa. Ameneyu, ddNTP, alibe OH pa kaboni wa 3', ndiye akangolowa mu unyolo palibenso polumikiza wotsatira, unyolo wathera pomwepo. Popeza amalowa mwamwayi, timapeza tizidutswa ta utali uliwonse, kalikonse kali ndi utoto wa chilembo chake chomaliza. Nzeru yothetsa unyolo motereyi anaifalitsa Frederick Sanger ndi anzake ku Cambridge mu 1977, ndipo inamupezetsa mphoto yachiwiri ya Nobel mu 1980. M'kapilare tizidutswa tatifupi timafika msanga pa leza, tatitali pambuyo, choncho kiromatogiramu timaiwerenga kuchoka kumanzere, 5' kupita ku 3'.

Pa sikirini A ndi wobiriwira, C wabuluu, G wakuda, T wofiira. Malo abwino amaoneka okha: nsonga zakuthwa, zotalikirana mofanana, pansi pake pali mbee. Zilembo 30 kapena 40 zoyambirira zidulenitu, zimakhala zosokonekera. Mukadutsa 700 kapena 800 nsonga zimayamba kufutukuka n'kumalowana, dulaninso. Q20 ikutanthauza kuti mwa zilembo 100 zotero chimodzi chikhoza kukhala cholakwika. Chilichonse chotsika kuposa apa muchione ndi maso anu.

Chimene ndikufuna mukhalepo nthawi ndi nsonga ziwiri pamalo amodzi. Jini yathu ndi HBB. Pa kodoni 6 munthu wopanda selo la chikwakwa ali ndi GAG, wodwala ali ndi GTG. Wongonyamula ali nazo zonse, ndiye pakatipo muona wobiriwira ndi wofiira atakwerana, aliyense pafupifupi theka la msinkhu wa oyandikana nawo. Kompyuta ikhoza kulemba W, ikhoza kulemba N, ndipo nthawi zina imangotola yaitaliyo n'kulemba A ngati palibe vuto. Apa m'pamene wonyamula amasanduka "wabwinobwino" pa pepala, ndipo zimenezi zimandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa pepala lotere tsiku lina lidzakhala m'manja mwa banja.

Koma si nsonga ziwiri zonse zili zenizeni. Zikakwerana kuyambira poyamba mpaka kumapeto, kaikirani PCR yosayera kapena puraima yomata pawiri. Zikayamba zoyera kenako n'kukwerana kuchokera pamalo amodzi osasiya, kawirikawiri kope limodzi la jini lataya kapena laonjezera zilembo. Chibuluma chachikulu cha utoto chapafupi ndi chilembo cha 70 ndi utoto wotsalira posefa, si chilembo.

Musalembe kuti mwapeza kusintha musanakuone ku fayilo ya puraima yobwerera. Kumeneko A ndi T zimasinthana, G ndi C nazonso, ndiye GAG muiona ngati CTC. Tikumana 8 koloko, mubwere ndi makope anu.

Mayi Nyirenda, labu ya DNA