Wilo ya Ine, Yohane Mateyu Chimkono

Ine, Yohane Mateyu Chimkono, wa mfunda wa Phiri, mphunzitsi wopuma pa ntchito, wokhala pa munda wanga m'dera la Mfumu Yaikulu Mkanda, boma la Mchinji, ndikulemba wilo iyi lero pa 14 Juni 2024. Ndili ndi zaka 73. Maso ayamba kuchita chidima ndipo miyendo imatupa, koma mutu wanga ukugwira bwino ntchito. Palibe amene wandikakamiza kapena kundinong'oneza zoti ndilembe. Wilo ina iliyonse imene ndinalembapo kale, ndi mawu alionse amene ndinayankhulapo pakamwa okhudza katundu wanga, ndazifafaniza. Yogwira ntchito ndi ino yokha.

Ndinabadwa mu 1951 kwa amayi anga ku Dowa. Uphunzitsi ndinaphunzira ku koleji ya aphunzitsi ya Lilongwe, ndipo choko ndinachigwira kuyambira 1975 mpaka 2011, m'masukulu a pulaimale a ku Dowa, Kasungu ndi Mchinji. Mu 1977 ndinakwatira Esinati Nambewe, ukwati wa ku tchalitchi, ndipo ndinamutenga chitengwa ankhoswe a mbali zonse atagwirizana. Mulungu anatipatsa ana anayi: Tiyamike, Madalitso amene anatisiya mu 2009, Limbani ndi Chikondi. Mwana wina wapadera ndilibe, mkazi winanso ndilibe.

Oyendetsa chuma changa ndikadzamwalira ndasankha anthu awiri: mwana wanga woyamba Tiyamike, ndi Bambo Paulo Kachingwe, mkulu wa mpingo wathu. Onse ndawafunsa ndipo avomera. Mmodzi akadzalephera, winayo apitirize yekha. Ntchito yawo yoyamba ndi kulipira za maliro ndi ngongole. Pamene ndikulemba pano ngongole ndili nayo imodzi yokha, matumba 4 a feteleza amene ndinatenga kwa Bambo Kachingwe chaka chatha, ndipo inalembedwa m'kope lofiira limene lili m'bokosi langa lachitsulo. Wina akadzabwera ndi ngongole yosalembedwa m'menemo, abwere ndi umboni.

Munda wanga wa mahekitala 12 ndikuupereka kwa mwana wanga Limbani Chimkono. Malire ake ndi awa: kum'mawa mtsinje ndi dambo lake, kumadzulo msewu wafumbi, kumpoto mzere wa bulugamu umene tinadzala mu 1993, kumwera khonje wochokera pa chulu chachikulu kukafika pa mtengo wa mkuyu. Mabikoni anayi onse alipo ndipo Limbani akuwadziwa, chifukwa ndinayenda naye dzanja ndi dzanja. Pamodzi ndi mundawo atengenso chigafa, khola, nkhokwe ziwiri, ngolo ndi ng'ombe ziwiri zokoka ngoloyo, pulawo, ndi mitengo yonse.

Ndikufuna abale anga amvetse bwino za malo amenewa, chifukwa ndikudziwa mwambo wathu. Kwathu chuma cha mwamuna chimayang'ana kwa ana a mlongo wake, ndipo ine mwambowo sindikuunyoza. Unandilera, pakuti amene anandilipirira sukulu anali amalume anga. Koma munda uwu si wa makolo. Ndinaupempha ndekha kwa amfumu, ndinaitana anthu oyeza malo ndi ndalama za malipiro anga, ndipo lizi yake inatuluka mu 1990 m'dzina langa. Mapepala a lizi ndi malisiti onse a msonkho wa malo ali m'bokosi lomwe lija. Oyendetsa chuma amuthandize Limbani kusinthitsa dzina ku ofesi ya zamalo ku Lilongwe, ndipo kuyambira pamenepo msonkho azilipira iye, osaphonya chaka.

Malo a makolo ali ku Dowa, kumene ndinabadwira. Amenewo si anga, ndi a mbumba, choncho sindingawagawe mu wilo. Chigawo chimene ndinkalimako ndili mnyamata chikhale m'manja mwa mlongo wanga Felesiya ndi ana ake monga chakhalira zaka zonsezi. Ana anga asadzapite kukakanganira malo kumeneko, ndipo adzukulu anga a ku Dowa asadzabwere kudzakanganira malo kuno.

Ndasankha Limbani osati chifukwa ndi mwamuna. Alongo ake adziwe zimenezi kuchokera m'dzanja langa. Tiyamike ali pa ntchito ya unamwino ku Lilongwe, Chikondi ali pabanja ku Kasungu ndipo ali ndi malo awo. Limbani ndiye anabwerera kumudzi mu 2012, nthawi imene msana wanga unayamba kukana khasu. Ndi iyeyo amene anandiumiriza kuti tichepetse fodya n'kuyamba soya ndi mtedza. Ndinakana zaka ziwiri, koma iye ndiye ankanena zoona. Amadziwa pamene madzi amadikha mvula ikachuluka, amadziwa chigawo chimene chimafuna manyowa chaka ndi chaka. Munda ukaduliridwa pang'onopang'ono kwa anthu amene sakulimapo, mapeto ake amaugulitsa, ndipo ndaziona kwa anansi athu.

Iwe Limbani, munda ndakupatsa koma ndi mawu awa, amene ali mbali ya wilo. Usaugulitse, usaubwereketse wonse kwa munthu wina, usauchite chikole cha ngongole amayi ako ali moyo, pokhapokha iwo atavomera molemba pamaso pa oyendetsa chuma. Chaka chilichonse ukakolola, uziyamba wathira matumba 12 a chimanga a makilogalamu 50 m'nkhokwe ya amayi ako, ndi matumba awiri a mtedza wosaswa, usanagulitse kanthu. Chaka cha chilala mugawane chimene chapezekacho, koma iwo ayambe kudya. Mlongo wako aliyense zikadzamuvuta kumene ali, umupatse ekala imodzi alimepo ndi malo omangapo nyumba, osamulipiritsa. Ukadzatsogola iwe ine ndisanafe, munda upite kwa ana ako, ndipo mawu onsewa adzawamange iwonso chimodzimodzi.

Tsopano za nyumba, zimene zandidzutsa usiku kangapo mpaka ndaganiza zolemba wilo iyi.

Nyumba ya njerwa zootcha ya zipinda zinayi imene ili pa mundapo, khitchini yake, bafa, chimbudzi, chitsime, khola la nkhuku, mitengo ya mango ya pabwalo, ekala imodzi ya kuseri kwa nyumba ndi dimba la kudambo, zonsezi mkazi wanga Esinati Nambewe azigwiritse ntchito moyo wake wonse. Asalipire lendi kwa wina aliyense. Asasamutsidwe, asapanikizidwe m'chipinda chimodzi, ndipo munthu asalowemo kudzakhala popanda iye kufuna, ngakhale Limbani ndi banja lake. Amene akufuna kukhala naye asankhe yekha. Akapita kukadwalira kapena kukacheza kwa ana miyezi ingati, nyumba ikhale yotseka kumudikira, makiyi ali kwa iye. Ngakhale atadzapeza banja lina, nyumbayo akhalemobe. Denga likadontha, wokonza ndi Limbani. Nambewe akadzamwalira, pamenepo nyumba ndi malo ake zidzapite kwa Limbani pamodzi ndi munda.

Katundu yense wa m'nyumba, mipando, mabedi, ziwiya, wailesi, sola ndi makina osokera, ndi wa Nambewe kotheratu. Nkhuku ndi mbuzi nazonso ndi zake, ndipo zinali zake kale.

Nyumba imeneyi dzina ndi langa, koma thukuta ndi lake. Tinaumba njerwa mu 1992, chaka cha chilala, zitsime zonse zapafupi zitauma. Ine ndinali ku sukulu, ndinkabwera Lachisanu madzulo pa njinga. Nambewe ankadzuka tambala woyamba kukatunga madzi kudambo, ndowa pamutu, Chikondi ali kumbuyo, maulendo khumi dzuwa lisanatenthe, kuti oumba njerwa asaime. Ndinamupeza tsiku lina pamutu patanyuka, nkhata itanyowa magazi, koma akuwerenga njerwa mzere ndi mzere kuti asatibere. Pa njala ya 2002 malipiro anga sankakwana ndi thumba limodzi lomwe. Iye anasoka mayunifolomu usiku pa nyali ya koloboyi, n'kumasinthanitsa ndi gaga, ndipo pakhomo pathu sipanafe munthu.

Ndinaonanso ndi maso anga zimene zinachitikira mkazi wa mnzanga amene tinkaphunzitsa limodzi. Tsiku lometa lisanafike, abale a mwamuna anali atakwera kale padenga kuzula malata. Mayi uja anakhala pa mtondo panja, mwana pamiyendo, akuyang'ana mipando ikukwezedwa m'ngolo. Ife aphunzitsi anzake tinaimirira chapatali osanena kanthu, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Choncho ndikunena momveka: mwambo wa kusudzula ukadzachitika, ukhale womasula Nambewe basi, osati womuuza kuti anyamule katundu abwerere kwawo. Za chokolo kapena kulowa kufa zisadzatchulidwe n'komwe pakhomo panga. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 likunena kuti kulanda chuma cha masiye ndi mlandu wopita nawo kundende. Wina akadzayesa, kaya ndi m'bale wanga kaya ndi mwana wanga, oyendetsa chuma akanene kupolisi ndi kwa DC tsiku lomwelo, osachita manyazi ndi chibale.

Puloti yanga ya pa Kamwendo, pamene pali kanyumba ka sitolo, ndikuipereka kwa Tiyamike ndi Chikondi mofanana. Ng'ombe zotsala m'khola, zimene lero zilipo 6, zigawidwe motere: ziwiri kwa Nambewe, imodzi kwa Tiyamike, imodzi kwa Chikondi, imodzi kwa Takondwa mwana wa malemu Madalitso, ndi imodzi kwa mlongo wanga Felesiya. Zikadzachuluka kapena kuchepa, Nambewe ndi Takondwa ayambe kulandira. Ndalama za kubanki, ndi zilizonse za penshoni zimene boma lidzakhale lisanandilipire, zigawidwe pawiri. Theka kwa Nambewe, theka lisungidwe ndi Tiyamike kuti lizilipirira sukulu ya Takondwa, amene chaka chino ali Fomu 2. Zotsala adzamupatse akadzakwanitsa zaka 21. Njinga yanga ndi jekete lakuda apatsidwe Gelesomu, mwana wa mlongo wanga, amene wakhala akundiperekeza kuchipatala. Mabuku anga apite ku sukulu ya pulaimale ya m'mudzi muno, kupatula Baibulo ndi buku la nyimbo, zimene zikhale ndi Nambewe. China chilichonse chimene sindinachitchule ndi cha Nambewe.

Mudzandiike kuno, osati ku Dowa, kuti mkazi wanga asamayende ulendo wautali akafuna kuona manda. Bokosi likhale la matabwa wamba. Musagulitse ng'ombe kapena kutenga ngongole chifukwa cha maliro anga, ndipo chiliza chidikire mpaka Takondwa atamaliza sukulu.

Wilo iyi ndaisaina kawiri mofanana. Ina ikasungidwa ku ofesi ya DC ku Mchinji, ina ili ndi Bambo Kachingwe. Idzawerengedwe mokweza maliro akadzatha, anthu asanabalalike, pamaso pa Nambewe, ana anga, ankhoswe a mbali zonse ndi amfumu.

Ndasaina ndi dzanja langa pa 14 Juni 2024, mboni ziwiri zili pomwepo nthawi imodzi.

Yohane Mateyu Chimkono

Ife mboni tikutsimikiza kuti a Chimkono asaina wilo iyi tonse awiri tikuona, ali bwinobwino m'maganizo, ndipo ifenso tasaina iwo akuona. Palibe mwa ife, kapena mwamuna kapena mkazi wa wina wa ife, amene akulandira kanthu mu wilo imeneyi.

Wisikesi Nkhoma, mphunzitsi wamkulu, Mchinji

Rozina Banda, mlangizi wa zaumoyo, Mchinji