Mgwirizano wa alimi a m'madimba ndi oweta ng'ombe pa za njira ya ku madzi

Mgwirizano uwu ndi wa magulu awiri a midzi ya kum'mawa kwa msewu wa M1, pakati pa Nchalo ndi Ngabu m'boma la Chikwawa: gulu la alimi olima madimba m'mbali mwa dambo la Elephant Marsh, amene muno titi "alimi", ndi gulu la eni ng'ombe zomwe zimakamwa madzi kudambo komweko, amene titi "oweta". Ena mwa ife tili uku ndi uku. Otere amangika mbali zonse ziwiri.

Chiyambi chake

Madzi osefukira a mu Januwale 2015, a namondwe Ana mu 2022 ndi a Freddy mu Malichi 2023 anakwirira madimba ena ndi mchenga, kwina n'kusiya dothi lachonde pamene kale panali msipu. Alimi anatsata chinyontho, n'kulima mpaka m'njira imene ng'ombe zinkadzera. Pofika Okutobala, kumtunda kukauma gwa, ng'ombe zimatsika ndithu, ndipo zimapeza chimanga, nyemba ndi mbatata zili biriwiri pakhomo pa madzi. Zotsatira zake tonse tikuzidziwa: mbewu kudyedwa, ng'ombe kutemedwa ndi chikwanje, achibale osapatsana moni pamaliro.

Tinapanganapo kale pakamwa kubwalo la anyakwawa, koma pangano lija linafa chifukwa tinalonjezana zonse mofanana. Mpanda umene tinati tidzamanga utalephereka posowa ndalama, oweta anati pangano lonse lagwa, alimi nawo n'kulimanso m'njira. N'chifukwa chake ulendo uno tasiyanitsa mfundo.

Mmene tasiyanitsira

Mfundo yotimanga ndi imene ili m'manja mwathu, imene munthu angathe kuiona ndi maso kapena kuiyeza ngati yachitika, ndipo wophwanya akudziwika. Ikalephera chimodzi mwa zitatuzi, yapita ku zokhumba. Zotimanga zalembedwa ndi mawu akuti "ayenera" kapena "asa-", ndipo zili ndi chindapusa. Zokhumba zalembedwa ndi "tidzayesetsa", ndipo palibe wokokera mnzake kubwalo chifukwa cha izo. Chokhumba chikalephereka, zotimanga zikhalabe chilili.

Gawo loyamba: zotimanga

1. Alimi ayenera kusiya njira ya ng'ombe yotambalala mamita 20, kuchokera pa mtengo wa mlambe wa kumapeto kwa mudzi mpaka padooko lakale. Malire ake adzaikidwa ndi zikhomo makomiti onse awiri alipo, madzi akangophwa, wina asanatsire mbewu. Wolima m'njiramo sadzalipidwa kanthu mbewu zake zikadyedwa, ndipo wozula chikhomo adzalipa K10,000.

2. Kuyambira Meyi mpaka Novembala, ng'ombe ziyenera kudutsa m'njirayi kokha, ndiponso masana okha. Gulu lililonse la ng'ombe likhale ndi mbusa wamkulu. Pamfundo iyi amayi ndi amene anaumirira, ponena kuti zambiri zimaonongeka ana akasiyidwa ndi ng'ombe makumi atatu dzuwa lili pamutu, iwo n'kukabisala pamthunzi. Usiku ng'ombe zigone m'khola.

3. Ng'ombe zikalowa m'dimba, mwini dimba auze komiti tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake. Anthu anayi, awiri a mbali iyi awiri a mbali inayo, akaone ndi kuwerenga mapando oonongeka pasanathe masiku awiri. Mwini ng'ombe ayenera kulipa pasanathe masiku 30, kaya ndi ndalama kaya ndi chimanga, pa mtengo wa pamsika wa Ngabu sabata imeneyo. Sitinalembe mtengo wokhazikika pa thumba chifukwa mtengo wa mu Juni si wa mu Januwale. Ngati mwini ng'ombe sakudziwika, gulu la oweta ndilo lilipe, likamufufuze lokha.

4. Mlimi asateme, asathire mankhwala pamsipu, ndipo asatsekere ng'ombe ya mwini kuposa usiku umodzi. Wovulaza ng'ombe alipire mankhwala ake, ikafa abweze mtengo wake, ndipo mlandu wa mbewu zake uzengedwe padera. Mlandu wina sufafaniza unzake.

5. Aliyense woona ng'ombe ikutuluka dovu kapena ikutsimphina ndi zilonda m'mapazi ayenera kuuza alangizi a ziweto tsiku lomwelo, ndipo mwini wake asaitsitsire kudooko. Tili pafupi ndi njati za ku Lengwe, ndipo matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi akabuka, boma limatseka misika ya ng'ombe, tonse n'kukhala opanda ndalama.

Gawo lachiwiri: zokhumba

Tidzayesetsa kutchinga njira ya ng'ombe mbali zonse ziwiri. Alimi anafuna kuti iyi ikhale yotimanga, ndipo tinakambirana mpaka dzuwa kupendeka. Taikana pa zifukwa ziwiri: waya tilibe ndalama yake, ndipo ngakhale titaumanga, Shire akadzaza sapempha chilolezo. Sitingalipitse munthu pa zimene wachita mtsinje. Choncho tiyamba ndi kudzala khonje ndi mitengo yaminga pamene pali pokwera, pang'onopang'ono, monga manja angapezekere.

Tidzayesetsa kusinthana mapesi ndi manyowa: alimi akakolola, ng'ombe zidye mapesi, oweta apereke ndowe za m'khola. Apa ndi oweta amene anafuna kuti timangane, alimi n'kukana. Dimba silikololedwa tsiku limodzi. Wina akuchotsa chimanga, mnzake wa m'malire nyemba zake zikuchita maluwa. Ena mapesi amawafuna ophimbira nthaka. Tasiya kuti mwini dimba ndi mwini ng'ombe azimvana okha, ndipo ng'ombe yolowa m'mapesi popanda chilolezo yaphwanya mfundo 3.

Tidzayesetsa kupeza pampu ya sola ndi chomwera ng'ombe kumtunda, kuti ziweto zisamatsike tsiku ndi tsiku kumene kuli ng'ona. Makomiti awiri adzalemba pempho limodzi kudzera ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi mpaka kukhonsolo. Kulemba pempholo mwezi wa Juni usanathe n'kotimanga, popeza cholembera chili m'manja mwathu. Kuyankhidwa kwake n'chokhumba.

Za ngalande yaikulu ya mthirira yochokera ku Kapichira, ena anafuna tilembe kale za kagawidwe ka madzi ake. Sitingagawane madzi amene si athu ndipo sanatifike. Nkhaniyo ikadzakhudza midzi yathu, tidzayesetsa kukalankhula ndi mawu amodzi.

Gawo lachitatu: milandu, nthawi ndi kusintha

Gawo ili nalo n'lotimanga. Mkangano uyambe kumakomiti awiri. Ukakanika pa masiku 7 upite kwa anyakwawa, kenako kwa agulupu. Mgwirizanowu sutsekera munthu njira ya kupolisi kapena kukhoti, ndipo sukusintha umwini wa malo a wina aliyense. Chindapusa cha zikhomo chisungidwe ndi asungichuma awiri m'buku limodzi, chigulire mbande za mpanda.

Madzi akasefukira n'kusuntha dooko kapena kukwirira njira, mfundo 1 ndi 2 ziima kaye mpaka makomiti atayezanso njira yatsopano, pasanathe masiku 14 madzi ataphwa. Mfundo 3, 4 ndi 5 siziima.

Mgwirizanowu ugwira ntchito nyengo ziwiri za madimba, kuyambira pa 1 Meyi chaka chino. Epulo aliyense tidzakumana kuti tiuwerengenso. Chokhumba chingakwere kukhala chotimanga ngati gulu lililonse, litakumana palokha, lavomera ndi anthu awiri mwa atatu alionse.

Mgwirizanowu wawerengedwa mokweza pabwalo, n'kumasuliridwa m'Chisena kwa ofuna. Asaina apampando ndi alembi a magulu onse awiri, asungichuma asindikiza zala, ndipo mboni ndi anyakwawa a midzi iwiri pamodzi ndi alangizi a zaulimi ndi a ziweto. Makope alipo atatu: limodzi la alimi, limodzi la oweta, lachitatu likusungidwa kwa agulupu, m'pepala la pulasitiki, chifukwa kwawo n'kokwera.