Fomu Yololeza Tchuthi cha Pachaka

Ine, kalaliki wa ku nyumba yosungiramo katundu ku Luwinga, mumzinda wa Mzuzu, ndikupempha tchuthi kuyambira Lolemba, pa 13 Okutobala 2025, kufikira Lachisanu, pa 24 Okutobala 2025, masiku onse awiriwa akuwerengedwa. Ndidzabwerera kuntchito Lolemba, pa 27 Okutobala 2025, nthawi ya 7:30 m'mawa.

Masiku ochotsedwa ndi 9, chifukwa Loweruka, Lamulungu ndiponso Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala, sawerengedwa. Pa masiku 15 amene lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limapereka kwa wogwira ntchito masiku asanu pa sabata, nditsala ndi 6.

Ine, woyang'anira nthambi, ndavomereza masikuwa pa 29 Seputembala 2025, ndipo makiyi adzakhala ndi wachiwiri kwa kalalikiyu.

Chilolezo cha pakamwa kapena cha pafoni sichidzagwira ntchito. Tchuthi chidzayamba pokhapokha wopempha, woyang'anira nthambi ndi mkulu woona za ogwira ntchito atasayina, aliyense n'kulemba tsiku pambali pa siginecha yake. Fomu yofufutidwa pa deti sidzalandiridwa, ndipo wofuna kusintha masiku adzalemba ina, imene idzafafaniza yoyambayi. Wopempha asunge kope lake lodindidwa chidindo.