Pulasitiki m'mitsinje ndi m'nyanja za madzi opanda mchere: kumene amachokera ndi zimene amachita ku zamoyo

Wapampando, aphunzitsi athu ndi anzanga ophunzira, zikomo potipatsa mpata.

Ambiri timaona mtsinje ngati ngalande yongotengera zinyalala kunyanja yamchere. Mfundo ya gulu lathu ndi yakuti mtsinje umasunganso pulasitiki wambiri m'matope ake, ndipo zimene timaona zikuyandama pamwamba ndi gawo lochepa chabe.

Dziko lonse limapanga matani oposa 400 miliyoni a pulasitiki pa chaka. Kafukufuku wa mu 2017 anapeza kuti pa zinyalala zonse za pulasitiki, pafupifupi 9 pa 100 ndi zimene zinakonzedwanso kukhala katundu wina. Majumbo, mabotolo ndi maukonde otayidwa amafumbutuka ndi dzuwa, n'kumakhulana ndi mchenga mpaka kusanduka tiziduswa. Tikafika kukula kosapitirira mamilimita 5, timatchedwa mayikulopulasitiki, mawu amene anatchuka ndi Richard Thompson mu 2004.

Pali magwero ena awiri a tiziduswati amene saoneka ndi maso. Loyamba ndi matayala a galimoto. Tayala likamatha, fumbi lake limatsala pamsewu, ndipo mvula ikagwa limakokolokera m'ngalande. Mu 2020, ofufuza a ku yunivesite ya Washington anasonyeza kuti mankhwala otetezera matayala otchedwa 6PPD akakumana ndi mpweya wa ozoni amasanduka poizoni amene ankapha nsomba za salimoni wa koho m'timitsinje ta m'mizinda. Lachiwiri ndi zovala. Kafukufuku wa mu 2016 anapeza kuti kuchapa makilogalamu 6 a zovala za akiriliki, womwe ndi ulusi wa pulasitiki, m'makina kungatulutse timaulusi toposa 700,000. Malo abwino oyeretsera madzi a m'zimbudzi amagwira tiziduswa toposa 90 pa 100, koma timatsalira m'matope a pamalowo. Matopewo akakathiridwa m'minda ngati manyowa, mvula imabweza tina kumtsinje.

Kumene kachiduswa kakathere kumadalira kulemera kwake. Poliethilini wa majumbo ndi polipulopilini wa zotsekera mabotolo n'zopepuka kuposa madzi, choncho zimayandama. PET wa mabotolo a zakumwa amalemera pafupifupi magalamu 1.38 pa kiyubiki sentimita, ndiye amamira, chimodzimodzinso PVC wa mapaipi. Ngakhale topepuka tija, ndere ndi mabakiteriya zikatikuta timalemera n'kupita pansi. N'chifukwa chake kuseri kwa madamu ndi m'malo amene madzi amayenda pang'onopang'ono mumaunjikana tambiri, mpaka madzi osefukira adzativundule.

Nanga zamoyo zimavutika bwanji? Zinyalala zikuluzikulu n'zosavuta kufotokoza: ukonde wotayidwa umapitiriza kukola nsomba, mbalame ndi akamba popanda wouvuula, ndipo majumbo amatseka ngalande n'kusiya zithaphwi zoswanirana udzudzu. Tiziduswa ndiye nkhani yovuta. Tinyama tosefa madzi, monga Daphnia ndi nkhono za zigoba ziwiri, timameza tiziduswa pamodzi ndi chakudya. M'mimba mumadzaza koma mphamvu palibe, ndipo m'zoyesera za m'labotale kukula ndi kuswana kumachepa. Mu mtsinje wa Danube, kafukufuku wa mu 2014 anapeza tiziduswa toyandama tochuluka kuposa tiana ta nsomba. Mu nyanja ya Victoria, kufupi ndi Mwanza, wa mu 2016 anapeza pulasitiki m'matumbo a nsomba imodzi pa zisanu zilizonse zimene anatumbula.

Apa tichenjezane. Zoyesera zambiri za m'labotale zimagwiritsa ntchito timikanda tosalala, tochuluka kwambiri kuposa mmene zilili mumtsinje, pomwe m'chilengedwe mumapezeka kwambiri timaulusi ndi tiziduswa tosongoka. Kupeza pulasitiki m'mimba mwa nsomba si umboni woti nsombazo zikutha. Ife tikuona kuti umboni wa 6PPD ndi wolimba kuposa wina wonse tatchulawu, chifukwa mankhwala ake anadziwika ndipo imfa zake zinaoneka m'timitsinje tenitenito.

Kwa amene mukufuna kukayeza nokha, zolakwika zimayambira pa ukonde. Wa maso a mamilimita 0.3, umene ambiri amakoka pamwamba pa madzi, umaphonya timaulusi tambiri, choncho tunganinso madzi m'chidebe chachitsulo n'kuwasefa pa sefa ya maso ang'ono. Tenganinso matope. Polekanitsa tiziduswa ndi matope potiyandamitsa, madzi a mchere wa pakhomo amafika magalamu 1.2 okha pa kiyubiki sentimita, motero PET ndi PVC zimatsala pansi osawerengedwa. Pamafunika madzi olemera, monga a zinki kolorayidi. Zinyenyeswa za zomera muzisungunule ndi hayidirojeni perokisayidi. Valani zovala zathonje, gwiritsani ntchito ziwiya zagalasi, ndipo ikani sefa imodzi yopanda kanthu pambali kuti muwerenge timaulusi tochokera mumpweya wa m'chipindamo. Musadalire maso okha pa mayikulosikopu, chifukwa ulusi wathonje wonyikidwa mu utoto umanamiza. Tsimikizani ndi makina a FTIR, amene amazindikira mtundu wa pulasitiki pogwiritsa ntchito kuwala. Polemba zotsatira, tchulani kukula kwa maso a sefa yanu, apo ayi ziwerengero zanu sizingafananitsidwe ndi za ena.

Wapampando, tingalandire mafunso tsopano.