Odi kumeneko! Malonje a gawo la 12

(Kang'oma kalira pang'ono, kenako katsika.)

WOULUTSA: Odi kumeneko! Odi!

Ndikudziwa kuti simungandiyankhe kuti "Lowani," koma ine ndinaleredwa kuti pakhomo pa eni sungofikira kukhala pampando. Foni yanuyo ndi khomo lanu, ndiye ndayamba ndaodira.

Moni nonse amayi, abambo, achimwene ndi achemwali. Pano pamene tikujambula ndi Loweruka m'mawa ku Area 25 mu Lilongwe, dzuwa la Okutobala layamba kale ukali wake. Koma podikasiti siili ngati wailesi yoti tonse timamvera limodzi. Wina atimvera akukoleza mbaula ya tiyi: mwadzuka bwanji? Wina ali mu minibasi pochokera ku ntchito: mwaswera bwanji? Abale athu a ku Chipata, ku Katete ndi ku Chadiza, mwachoma bwanji? A ku Ulongwe ndi ku Tete, zikomo, takuonani. A ku Mbare ndi ku Highfield mu Harare, amene Chichewa munachiyamwira kwa agogo koma kumudzi simunafikeko, khalani pafupi, nkhani ya leroyi ndi yanu.

A ku Joni, a ku Durban, a ku Cape Town, nthawi yathu ndi imodzi, palibe chovuta. Ovuta ndi inu a ku Mangalande. Mwezi uno muli m'mbuyo ndi ola limodzi, ukamatha musinthanso mawotchi akhale maola 2. Mlongo wina wa ku Leeds analemba kuti amatimvera akuweruka ntchito ya usiku, ndiye "mwadzuka bwanji" amamupeza asanagone n'komwe. Achemwali, inuyo landirani moni wapadera: mwagwira bwanji ntchito?

Achinyamata paja mumadandaula kuti moni wanga ndi wautali, ukutha bandulo. Chabwino: bobo? Zikuyenda? Basi, wanu ndi umenewo. Dinani `Subscribe` uku ine ndikumaliza ndi akuluakulu.

Ndipo ngati pakhomo panu pagwa zovuta sabata ino, kapena mukumvera muli pa mkeka mukudwazika matenda, pepani. Tili nanu.

Lero sindili ndekha. Pambali panga pali agogo aamuna ochokera ku Dedza, amene anakagwira ntchito ku migodi ya ku Joni nthawi ya Wenela, imene ambiri ankangoti Theba. Omwe mukuonera kanema mwaona kuti mpando wanga ndausiya, ndakhala pa kampando kakafupi. Maikolofoni andivutitsa kuwatsitsa, koma sindikanakhala pamwamba kuposa munthu woti anabereka anthu a msinkhu wa mayi anga.

Agogo, takulandirani. Mwadzuka bwanji?

AGOGO: Ndadzuka bwino, mdzukulu wanga, kaya iwe?

WOULUTSA: Ndadzuka bwino, zikomo. Nanga kunyumba mwawasiya bwanji?

AGOGO: Aliko. Agogo ako aakazi ndi miyendo yomwe ija, koma dzulo anapita okha kudimba. Kungoti kwatentha. Tikudikira chizimalupsa.

WOULUTSA: Ulendo mwayenda bwanji?

AGOGO: Tayenda bwino. Minibasi inangotichedwetsa pa Linthipe, ati mpaka idzaze. Koma kodi anthu ukuwapatsa moniwa ali kuti? Ine ndikungoona kabokosi aka.

WOULUTSA: (Akuseka.) Ali m'kabokosi momwemo, agogo. Ena ali ku Joni komwe munali inu.

AGOGO: Ooo! Ndiye ndiwalonjere ndekha. (Aomba m'manja katatu.) Zikomo nonse kumeneko. Ana anga a ku Joni, muli bwanji? Kuzizira kuja kunatha? Kumudzi kuno tilipo. Muziimbako foni, si ndalama zokha zimene timafuna.

WOULUTSA: Mwamva nokha, sindinawatume ine.

Kwa amene munabadwa dzana, ndikuuzeni pang'ono. Kale anyamata ankalembedwa ntchito konkuno, n'kutengedwa pa ndege mpaka ku Francistown m'dziko la Botswana, kenako pa sitima kupita ku migodi. Mu Epulo 1974 ndege ina inagwa itangonyamuka ku Francistown, ndipo Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo anafera pomwepo. Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu ntchito imeneyi. Ena amene anali kale kumeneko sanabwererenso, ndiwo machona amene timawatchula aja. Lero adzukulu awo akuyenda ulendo womwewo pa basi, kudzera pa Mwanza kapena pa Dedza, Nyamapanda, mpaka Beitbridge.

Agogowa anabwerako. Anabwera ndi njinga, wailesi ndi sutikesi yachitsulo, imene akuti mpaka pano amasungiramo mbewu ya mtedza. Madzi ali apo, agogo, mukamva kukhosi kuuma musachite manyazi. Tiyambire pa tsiku limene munachoka pamudzi. Anakuperekezani ndani?

AGOGO: Mayi anga. Bambo anakana, anati akandiperekeza ndiye kuti avomereza. Mayi anandikazingira chimanga, n'kumanga pa kansalu, tinanyamuka tambala woyamba asanalire.